Misonkhano iwiri yawombana m'dayale: asunthe ndani, ndipo muwauze chiyani?

Mukapeza kuti anthu awiri mwawalonjeza nthawi imodzi, mbali imodzi iyenera kusuntha basi. Kupepesa sikuvuta kwenikweni. Chimene chimavuta ndi kusankha woti asunthe, kumuuza chifukwa choona popanda kuulula za mnzakeyo, ndiponso kumupatsa nthawi ina yogwirika m'malo mwa imene mwamulanda. Zitatuzi zikachitika msanga, anthu ambiri amavomera mosanyinyirika. Chimene sakhululuka ndi kuuzidwa mochedwa, kapena kudzazindikira pambuyo pake kuti chifukwa chimene anapatsidwa chinali chabodza.

Onani kaye ngati yawombanadi

Musanaimbire aliyense, tsegulani misonkhano yonse iwiri n'kuiwerenga bwinobwino. Nthawi zina umodzi sunatsimikizidwe n'komwe. Mu Outlook, msonkhano umene mwaitanidwa koma simunayankhe umaoneka pa kalendala ngati Tentative, ndipo munthu wongoyang'ana mwachangu amaganiza kuti unavomerezedwa. Mu Google Calendar nakonso, yankho la Maybe si lonjezo. Ngati umodzi uli wotere, palibe amene mukumusuntha: mungoukana mwaulemu lero lomwe, nkhani yatha.

Onaninso kutalika kwa kuwombanako. Msonkhano wa 10 koloko mpaka 11 koloko ndi wina woyamba 10:45 yangogundana mphindi 15 zokha, ndipo pempho lake ndi laling'ono, loti wachiwiriwo uyambe 11:15. Koma palinso kuwombana kosaoneka pa pepala. Wina ukutha 11 koloko, wina ukuyamba 11 koloko yomweyo, pamene malo ake ndi otalikirana ulendo wa mphindi 40. Dayale ikuonetsa kuti zonse zili bwino, chonsecho munthu sangakhale konsekonse.

Funso lomaliza ndi lakuti: kodi mwini dayaleyo akufunikadi pa misonkhano yonse iwiri? Ngati kwina akungokamvetsera, akhoza kutumiza womuimira. Koma musatumize munthu mwakachetechete. Amene anapempha kuonana ndi bwana akalandiridwa ndi wachiwiri wawo mosachenjezedwa amamva kunyozedwa kuposa akanasunthidwa tsiku. Afunseni asankhe okha: womuimira pa nthawi yomweyo, kapena mwiniwake pa tsiku lina.

Pali njira ina imene imakopa anthu ambiri, yoti ayambe kuno, apite uko, n'kubwereranso. Musaiyese. Mapanga awiri avumbwitsa. Woyamba mumusiya nkhani ili pakati, wachiwiri mumufikira mochedwa, ndipo mudzapepesa kwa anthu awiri m'malo mwa mmodzi.

Asunthe ndani

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri, ndipo amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amangoyang'ana udindo: wamkulu akhale, wamng'ono asunthe. Ena amasankha amene sadandaula, munthu wofatsa uja amene nthawi zonse amati "palibe vuto". Njira zonsezi zimapeputsa ntchito ya woimba foni, koma sizichepetsa chipsinjo chimene kusunthako kubweretse.

Funso loyenera ndi ili: ndani ataye zambiri akasunthidwa? Kuti muliyankhe, werengani anthu kaye. Msonkhano wa anthu awiri umasunthika ndi foni imodzi. Wa anthu asanu ndi mmodzi umafuna kuti madayale asanu ndi imodzi agwirizanenso, ndipo mwina sagwirizana mpaka sabata yamawa kapena kupitirira apo. Kenako onani zimene anthu awononga kale pokonzekera. Amene wagula tikiti ya ulendo, wapempha tchuthi kuntchito kwake, kapena wapeza womusiyira ana, watulutsa kale chinachake chimene kupepesa kwanu sikungamubwezere. Amene akungolowa pa vidiyo ali mu ofesi yake wataya zochepa. Onaninso ngati pali tsiku lomalizira limene silidalira inu, monga tsiku lotsekera kulandira mafomu, tsiku loonekera kukhoti, kapena tsiku limene mgwirizano ukutha. Msonkhano womangika ku tsiku lotere ndi wovuta kuusuntha, ngakhale utakhala wa anthu awiri okha.

Nanga amene anayamba kulonjezedwa? Ameneyu ali ndi ufulu, ndipo zinthu zina zonse zikafanana ndiye ayenera kukhala. Koma kuyamba kokha sikukwanira. Ngati woyambayo angasunthe ola limodzi popanda kutaya kanthu, pamene wachiwiri ali kale pa ulendo, woyambayo ndiye mumupemphe. Pomupemphapo muvomereze poyera kuti iye ndiye anali woyamba, chifukwa akudziwa, ndipo mukabisa aona ngati mukumuchenjerera.

Chinthu china chimene dayale yambiri siisunga ndi mbiri. Munthu amene munamusuntha kale mwezi watha musamusunthenso, pokhapokha ngati palibiretu njira ina. Kusunthidwa kamodzi munthu amakuona ngati ngozi. Kachiwiri amayamba kuwerenga uthenga wina, wakuti iye ndi wosafunika. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba kachidziwitso kakang'ono pa msonkhano uliwonse umene mwasuntha, konena tsiku lakale ndi amene anapempha kusinthako.

Ngati ndinu mlembi, chigamulo si chanu nokha. Koma musapite kwa bwana ndi funso lokhalokha. Pitani ndi maganizo: yawombana ndi iyi, ine ndikuona kuti tisunthe uwu pa chifukwa ichi, ndipo nthawi zotseguka ndi izi. Zikatero nkhani imatha m'mphindi ziwiri. Kunena kuti "bwana, titani?" kumachititsa kuti nkhaniyo igone mpaka mawa, ndipo tsiku lililonse lotayika limachepetsa mwayi wa amene akusunthidwayo wopeza nthawi ina.

Chitsanzo, kuyambira poyamba mpaka pamapeto

Tiyerekeze kuti mlembi akusunga dayale ya mayi amene ndi mkulu wa kampani yaing'ono. Lolemba 2 koloko masana akuyerekeza kalendala ya pakompyuta ndi kabuku ka mayiwo, ndipo akupeza izi. Pakompyuta, Lachinayi kuyambira 10 koloko mpaka 11:30 pali intavyu ya ofuna ntchito awiri. Ofunsa mafunso ndi atatu: mayiwo, wowerengera ndalama, ndi mkulu wa nthambi imene ikufuna munthuyo. Makalata oitana anatumizidwa masabata awiri apitawo, ndipo mmodzi mwa ofuna ntchitowo akuchokera kutali. M'kabuku namo, Lachinayi lomwelo 10 koloko, mayiwo analemba ndi pensulo kuti akambirana pa vidiyo ndi bambo amene ndi mkulu wa kampani ina, kasitomala wawo wamkulu, za mgwirizano umene ukutha kumapeto kwa mwezi. Anagwirizana pafoni Lachisanu madzulo ali panjira, ndipo sanauze mlembi.

Poyang'ana udindo, yankho likuoneka lachidziwikire: kasitomala amabweretsa ndalama, ofuna ntchito angadikire. Koma tawerengani. Kusuntha intavyu kukhudza anthu asanu, mmodzi mwa iwo atakonza kale ulendo ndipo mwina atapempha tchuthi kumene akugwira ntchito panopa, kumene sangapemphenso kawiri popanda kukayikiridwa. Kusuntha kasitomala kukhudza anthu awiri, onse atakhala pa madesiki awo. Mgwirizano ukutha kumapeto kwa mwezi, ndipo kwatsala masabata atatu, choncho kusintha kwa tsiku limodzi sikuwononga kanthu. Intavyu ndiyonso inayamba kulembedwa. Woyenera kupemphedwa ndi kasitomala, ngakhale ndiye wamkulu. Ndipo anthu a maudindo otere, poti dayale zawo nazonso zimawombana kawirikawiri, sadabwa ndi pempho lotere likabwera nthawi ikadalipo.

Mlembi asanaimbe, akupeza kaye nthawi zina. Ili ndi gawo limene ambiri amalidumpha, n'kuimba ndi mawu oti "tidzaonanso tsiku lina". Mawu amenewa si kusuntha msonkhano, ndi kuuthetsa mwaulemu, ndipo womva amawamva choncho. Mlembi akuyang'ana sabata ya mayiwo n'kupeza mipata itatu: Lachitatu 3 koloko masana, Lachinayi 11:30 intavyu ikangotha, ndi Lachinayi 2 koloko masana. Wa 11:30 akuusiya dala. Intavyu siitha pa nthawi yake kawirikawiri, ndipo ofunsa amafuna kukambirana ofuna ntchito atatuluka. Kuika kasitomala pamenepo ndi kukonza kuwombana kwachiwiri, kwa munthu yemweyo amene mwamusuntha kale. Akutsala ndi mipata iwiri, umodzi patsogolo pa tsiku lolonjezedwa, wina tsiku lomwelo masana.

Mpata wa patsogolo uli ndi phindu lake. Munthu akauzidwa kuti akhoza kuonedwa msanga kuposa mmene anagwirizanirana, amaona kuti sakukankhidwira kumbuyo. Wa tsiku lomwelo nawo ndi wabwino chifukwa zimene anakonzekera zidakali m'mutu ndipo sabata yake siisokonekera. Mipata iwiri ndi yokwanira. Umodzi wokha umamveka ngati lamulo. Isanu imamupatsa munthu ntchito yofufuza, komanso imatseka dayale yanu yonse pamene mukudikira yankho.

Mipata iwiriyo mlembi akuitseka nthawi yomweyo pa kalendala, n'kulembapo kuti yasungidwira kasitomala uja mpaka Lachiwiri 12 koloko. Akapanda kutero, wina mu ofesi aona malo otseguka Lachitatu n'kuikapo msonkhano wake, ndiye kasitomala akadzasankha Lachitatulo mudzapeza kuti nthawi munamupatsa ija yapita.

Tsopano aimbe ndani? Lamulo losavuta ndi lakuti amene analonjeza ndiye apemphe. Mayiwo analonjeza ndi pakamwa pawo, choncho ndi bwino aimbe okha, foni ya mphindi ziwiri. Ngati sangathe, mlembi aimbire mlembi mnzake wa uko, n'kunena momveka kuti watumidwa. Mawu a mayiwo angakhale otere:

"Bambo, ndaimba kuti ndikupempheni chinthu chimodzi pa za msonkhano wathu wa Lachinayi 10 koloko. Pamene tinkagwirizana Lachisanu lija sindinayang'ane kalendala ya ku ofesi, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditaipereka kale kwa anthu ena, ena mwa iwo ochokera kutali. Kulakwa ndi kwanga, pepani. Kodi mungathe Lachitatu 3 koloko masana, kapena Lachinayi lomwelo 2 koloko? Nthawi zonsezi ndakusungirani. Ngati palibe imene ikukukomerani, ndiuzeni yanu, ine ndisintha zanga."

Onani dongosolo lake. Pempho lili poyamba, kuti womva asakhale ndi nkhawa kuti mwina mgwirizano wonse wasokonekera. Chifukwa chili m'chiganizo chimodzi. Kupepesa ndi kamodzi. Kenako nthawi zina, zotchulidwa tsiku ndi ola. Kupepesa kasanu kumamukakamiza winayo kuti ayambe kukutonthozani, pamene iye ndiye wasokonezedwa.

Bambowo akusankha Lachitatu. Foni ikangotha, mlembi akutumiza uthenga wolembedwa: "Zikomo bambo povomera kusintha. Msonkhano wanu ndi mayi tsopano uli Lachitatu 3 koloko masana mpaka 4 koloko, pa vidiyo, linki yake ndi yomwe ija. Wa Lachinayi 10 koloko wachotsedwa." Chiganizo chomalizachi n'chofunika kuposa mmene chikuonekera, chifukwa anthu ambiri amalemba nthawi yatsopano n'kuiwala kufufuta yakale. Mu uthenga weniweni muikenso deti pambali pa dzina la tsiku, popeza "Lachitatu" lokha wina angalimve ngati la sabata yamawa. Pomaliza mlembi akumasula mpata wa Lachinayi masana uja. Ofuna ntchito sanauzidwe kanthu, ndipo palibe chifukwa choti auzidwe.

Chifukwa choona, koma chofika pati

Pakamwa pamafulumira kunena kuti "mayi sakumva bwino", kapena "kwagwa zadzidzidzi". Bodza lotere limakopa chifukwa silitsutsika pa nthawiyo. Vuto lake limabwera pambuyo. Amene mwamuuza kuti bwana akudwala Lachinayi akhoza kuimba ku ofesi Lachinayi lomwelo n'kuuzidwa ndi wolandira alendo kuti bwana ali mu msonkhano. Kapena adzafunsa sabata yamawa kuti "mwadzuka bwanji, thupi lija?" n'kuona bwana akudabwa. Kuyambira pamenepo, chifukwa chilichonse chimene mungamupatse, ngakhale choona, adzachikayikira. Bodza limakumangani manjanso. Ngati mwanena kuti munthu akudwala m'mawa, simungapereke nthawi ya masana a tsiku lomwelo, imene mwina ndiyo inali yabwino kwa nonse.

Koma kunena zoona sikutanthauza kunena zonse. Chifukwa chenicheni ndi chakuti nthawi imodzi inaperekedwa kawiri, ndipo chimenecho ndicho munthu ali ndi ufulu womva. Dzina la winayo ndi nkhani yake si zanu zoti mugawe. M'chitsanzo chija mayiwo anangoti "anthu ena, ena mwa iwo ochokera kutali". Sananene kuti ndi intavyu, sanatchule mayina. Wofuna ntchito amene sanauze abwana ake kuti akufuna kuchoka akhoza kuvulala ndi chiganizo chimodzi chotayirira. N'chimodzimodzi kwa dokotala, loya kapena mlangizi: "nthawi imeneyo ndinaipereka kale kwa munthu wina" n'kokwanira.

Pali mawu ena oona ndithu koma opweteka mosafunikira. "Kwabwera msonkhano wina wofunika kwambiri" ndi amodzi mwa iwo, chifukwa womva amamaliza yekha chiganizocho: wofunika kuposa ine. Nenani chimene chikulepheretsa winayo kusuntha, osati chimene chikumupangitsa kukhala wapamwamba. "Enawo ndi anthu asanu ndipo kuwapezanso pamodzi kutenga masabata" ndi chifukwa chimene aliyense angachimvetse popanda kudzimva wochepa.

Musatayenso mlandu pa wina. "Mlembi wanga wasokoneza" kapena "kompyuta yathu ndi imene yalakwitsa" sizimuthandiza womva, ndipo zimaonetsa ofesi imene anthu ake amalozana zala pamaso pa alendo. Mlembi amene akuimba m'malo mwa bwana anene kuti "ife tinapereka nthawi imeneyi kawiri". Zoti analakwitsa ndani mukazikambirane muli nokha.

Nanga ngati chifukwa chenicheni n'chakuti mwangosankha winayo popeza ali ndi phindu lalikulu kwa inu? Zimachitika. Pamenepo musapeke nthano. Nenani kuti nthawi yawombana, kuti mukupempha iye asunthe, ndipo muonjezere china chochepetsa chipsinjo chake: mupite inu kumene iye ali, asankhe yekha ola, kapena mumutumizire lero zimene amafuna kudzatenga pa msonkhanowo.

Akakana, akakhala chete, kapena nthawi ikatha

Pempho ndi pempho, ndipo munthu akhoza kukana. Akakana, musakangane naye. Funsani chimene chikuvuta, chifukwa kawirikawiri pamatuluka chinthu chimene simumachidziwa: akunyamuka ulendo Lachinayi masana, kapena ayenera kupereka yankho kwa akuluakulu ake tsiku lomwelo lisanathe. Nkhani yatsopano yotere ikhoza kusintha chigamulo chanu, ndipo mwina tsopano woyenera kupemphedwa ndi winayo. N'chifukwa chake simupempha mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukatero onse akhoza kuvomera, n'kutsala ndi ola lopanda kanthu ndi anthu awiri osokonezedwa pachabe. Yambani ndi mmodzi, mumve yankho lake, kenako muone chotsatira.

Nthawi zina kukanako kumatha mukafunsa kuti chofunika kwenikweni pa msonkhanowo n'chiyani. Ola lonse mwina linali la nkhani zinayi, koma yachangu ndi imodzi yokha imene ingathe pafoni ya mphindi 15, 9:30 intavyu isanayambe. Zotsalazo zipite tsiku lina.

Chete ndiye woopsa kuposa kukana. Imelo imene sinayankhidwe si chilolezo. Mwina sinawerengedwe, ndipo munthuyo adzafika pa nthawi yakale. Pachifukwa chimenechi, uthenga wolembedwa uzikhala ndi malire oyankhira, monga "chonde tidziwitseni pofika mawa 12 koloko", ndipo malirewo akadutsa muimbe foni. Kwa ine, ngati kwatsala masiku osakwana awiri, foni ndiyo iyambe ndipo kulemba kubwere pambuyo ngati chitsimikizo. Mutu wa imelo nawo unene nkhani yonse, wina asachite kutsegula kuti adziwe: "Pempho losintha msonkhano wa Lachinayi 10 koloko".

Zikadziwika tsiku lomwelo, anthu onse awiri atafika kale, mulibenso nthawi yosankha mwaluso. Tulukani nokha mukalankhule ndi amene adikire, musatume munthu. Muuzeni zoona ndi nthawi yeniyeni imene adikire. Ngati mukudziwa kuti ndi ola lathunthu, musanene kuti "mphindi zisanu zokha", chifukwa munthu wouzidwa kuti ndi ola akhoza kupita kukachita zina n'kubwera, pamene wa mphindi zisanu amakhala pampando akuyang'ana chitseko mpaka mkwiyo utakwera. Mupatseni asankhe: kudikira, kuonana ndi wina tsopano, kapena tsiku lina limene mulembe pompo iye akuona.

Kutseka nkhani pa kalendala ya pakompyuta

Kusintha kwambiri kumafera pano. Mu Outlook, amene angasunthe msonkhano kwa onse ndi amene anauitanitsa. Ngati inu munangoitanidwa n'kuukoka kupita nawo tsiku lina pa kalendala yanu, mwasintha yanu yokha, ndipo ena onse akuonabe nthawi yakale. Woitanidwa agwiritse ntchito Propose New Time, kapena mu Google Calendar Propose a new time, kenako woitanitsa avomereze. Ngati woitanitsa ndinu, sinthani nthawi pa msonkhano womwewo n'kutumiza kusinthako kwa onse, zimene mu Outlook zimachitika ndi Send Update. Musapange msonkhano watsopano n'kusiya wakale uli pomwepo. Ukakhala msonkhano wobwerezabwereza, wa sabata iliyonse, samalani kuti mukusintha wa tsiku limenelo lokha, osati mndandanda wonse. Ndipo kumbukirani chipinda: ngati munasungitsa chipinda cha misonkhano, galimoto kapena womasulira, nazonso zisunthe.

Vutoli likamabwerabwera

Kuwombana kwa kamodzi pa miyezi ingapo ndi gawo la ntchito. Kukachitika sabata iliyonse, pali pobowoka penapake, ndipo kupepesa mwaluso sikungatseke. Njira yopezera pobowokapo ndi kutenga kuwombana kuwiri kapena kutatu kwaposachedwa n'kufunsa za msonkhano uliwonse: analemba ndani, analemba pati, ndipo liti?

Mukapeza kuti umodzi unali m'kabuku kapena pafoni ya bwana ndipo wina pakompyuta, vuto ndi madayale awiri, monga m'chitsanzo chija. Sankhani imodzi kukhala mwini nkhani, ndipo zina zonse zikopere kwa iyo. Bwana akalonjeza ali panjira, azolowere kunena kuti "ndikutsimikizirani ndikayang'ana dayale", kapena atumize uthenga kwa mlembi nthawi yomweyo. Mukapeza kuti yonse inali pa kalendala imodzi koma yolembedwa ndi anthu osiyana, ndiye kuti olemba achuluka, ndipo pakufunika mmodzi wotsimikiza.

Chizindikiro china n'chakuti anzanu amalumbira kuti anaona malo otseguka, chonsecho inu munalembapo kanthu. Tsegulani chimene munalembacho muone ngati chaikidwa pa Busy kapena pa Free. Zochitika za tsiku lonse, monga ulendo kapena maphunziro, nthawi zambiri zimalowa ngati Free mukapanda kusintha nokha, ndiye amene akufufuza nthawi kudzera mu Scheduling Assistant ya Outlook kapena Find a time ya Google Calendar amakuonani ngati mulibe chochita tsiku lonselo. Chimodzimodzinso ngati zanu zapadera, monga kupita kuchipatala, zili pa kalendala ina imene a kuntchito saiona. Simufunika kuulula nkhani yake. Ingotsekani olalo pa kalendala ya kuntchito.

Ngati kuwombana kukuchitika ndi misonkhano ya anthu a mayiko akunja, ndipo kusiyana kwake ndi ola limodzi ndendende, yang'anani mwezi. Mayiko ambiri a ku Ulaya amasuntha mawotchi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, pamene mbali yaikulu ya United States imasintha Lamlungu lachiwiri la Malichi ndi Lamlungu loyamba la Novembala. Msonkhano wa sabata iliyonse umene unaitanitsidwa ndi munthu wa kumeneko umatsatira wotchi yake. Kwa inu amene wotchi yanu siisintha, msonkhanowo umatsetsereka ndi ola n'kukagwera pa wina umene wakhala pamalo pake chaka chonse. Palibe amene walemba kawiri, ndipo chifukwa choona chouza wosunthidwayo ndi chomwecho. Lembani masiku amenewa m'dayale n'kuyang'ana misonkhano yobwerezabwereza kutatsala sabata imodzi.

Chizolowezi chimene chimagwira zambiri mwa izi zisanapse ndi kuyang'ana masabata awiri akubwera, kamodzi pa sabata, pa tsiku lokhazikika. Mphindi 10 zimakwana. Werengani msonkhano uliwonse pamodzi ndi malo ake, yerekezani ndi kabuku ndi mauthenga a pafoni, yankhani zoitanidwa zonse zimene zikadali lende, ndipo mumasule mipata imene munasungira anthu amene anasankha kale nthawi ina.